Pepo pa Dzinja, Chobiriwira pa Chilimwe: Mbiri ya Mitundu ndi Ziwiya za pa Guwa ku Lilongwe

Mu Okutobala mzinda wa Lilongwe umakhala wouma gwa. Udzu wa m'mbali mwa msewu wochokera ku Old Town kupita ku City Centre umakhala utapsa, fumbi lili kobo, ndipo kumayadi mitengo ya jakaranda yokha ndiyo imaoneka ya moyo ndi maluwa ake a pepo. Koma mukalowa m'tchalitchi cha Maula Lamulungu la mwezi umenewo, mupeza wansembe atavala chobiriwira. Mukabweranso mu Malichi, chimanga chitamasula ndipo dziko lonse lili biriwiri, mumupeza atavala pepo, mtundu wa kulapa ndi kudzimana. Mlendo amene akungoyamba kumene kupemphera nawo sangalakwe kufunsa ngati amene anakonza mitunduyi ankayang'anako kunja.

Ankayang'ana, koma kunja kwake kunali kwina. Kalendala ya mpingo inakulira ku maiko a kumpoto, kumene Khirisimasi imagwa pakati pa chisanu ndipo Pasaka imafika mitengo ikuphuka. Inabwera kuno ili yomangamanga kale. Masiku ano achinyamata a m'maparishi amakonda kujambula tinkanema tifupitifupi pa foni tofotokozera obwera kumene tanthauzo la mtundu uliwonse ndi dzina la chiwiya chilichonse cha pa guwa, ndipo ambiri amayamba ndi ndandanda: choyera ndi chimwemwe, chofiira ndi magazi, chobiriwira ndi chiyembekezo. Ndandandayo si yabodza. Vuto lake ndi lakuti imapangitsa munthu kuganiza kuti zinthuzi zinagwa kumwamba zili choncho, pamene zili ndi mbiri, ndipo zina zasintha agogo athu akuona ndi maso.

Kwa zaka mazana angapo oyambirira, wansembe analibe chovala chake chapadera. Ankavala monga mwamuna aliyense waulemu wa mu ufumu wa Roma, kungoti ankasunga zovala zaukhondo zoti azivala potsogolera mapemphero. Mu 428 Papa Celestino Woyamba analembera maepiskopi a dera limene lero ndi France kuwadzudzula chifukwa ena anayamba kuvala mosiyana ndi anthu awo. Mfundo yake inali yakuti m'busa azidziwika ndi chiphunzitso ndi makhalidwe, osati nsalu. Chimene chinachitika pambuyo pake n'chakuti anthu wamba anasintha kavalidwe, nayamba zovala zazifupi, koma mpingo unakakamira zakale zija. Mkanjo woyera wofika m'mapazi umene timautcha aluba ndiwo malaya a tsiku ndi tsiku a Mroma, ndipo kasula, chovala chachikulu chapamwamba chija, chinali chofunda cha pa ulendo, choteteza ku mvula ndi mphepo. Matanthauzo auzimu anabwera pambuyo, zovalazo zitakhala kale zachilendo m'maso mwa anthu.

Mitundu inachedwa koposa. Munthu woyamba kulongosola bwino mwambo wa ku Roma pa nkhaniyi anali kadinala Lotario, amene mu 1198 anakhala Papa Innocent Wachitatu. M'buku lake lofotokoza Misa, limene analemba asanakhale papa, anatchula mitundu inayi yokha. Choyera chinali cha zikondwerero za Ambuye ndi za oyera amene sanaphedwe, chofiira cha atumwi, ofera chikhulupiriro ndi Pentekoste, chakuda cha maliro ndi nyengo za kulapa, ndipo chobiriwira cha masiku amene alibe chikondwerero chilichonse. Chifukwa chimene anapereka pa chobiriwira n'chosavuta modabwitsa: ndi mtundu wapakatikati, wosayera, wosada, wosafiira. Nkhani ya chiyembekezo ndi kukula kwa mbewu inawonjezedwa ndi alaliki a m'mbuyo mwake. Pepo pa nthawiyo ankangotengedwa ngati m'bale wa chakuda. Ngakhale zinalembedwa choncho, dayosizi iliyonse inapitiriza kuchita zake, ndipo tchalitchi chosauka chinkangotulutsa chovala chabwino koposa pa tsiku lalikulu, kaya n'chamtundu wanji. Lamulo logwira mpingo wonse wa Chilatini linadza ndi buku la Misa la Papa Pius Wachisanu mu 1570, limene linakhazikitsa mitundu isanu: choyera, chofiira, chobiriwira, pepo ndi chakuda. Mitundu isanu imeneyi ndiyo inalowa m'mabokosi a amishoni obwera kuno.

Ansembe a chipani cha White Fathers, chimene Kadinala Lavigerie anayambitsa ku Algeria mu 1868, anayesa koyamba kwa Mponda mu 1889, koma sanakhalitse. Atabwereranso anatsegula Mua mu 1902, ndipo mishoni imene anayamba kwa Chiwamba chaka chomwecho inasamukira ku Likuni mu 1903, chaka chimene Kachebere anayambanso. Likuni ndiye kholo la maparishi a Katolika a mumzinda uno. Anthu oyamba kuwaona ansembewa anawadziwa ndi zovala asanamve chiphunzitso chawo: mkanjo woyera wa Chiarabu, kapusi kofiira ndi korona yaikulu m'khosi. Chovala chimenecho sichinali cha Misa ayi, chinali yunifolomu ya chipani, ndipo kusokoneza ziwirizi kukuchitikabe mpaka lero. Lamba wa pepo ndi kapusi ka pepo ka Ambuye episkopi n'zosonyeza udindo wawo, ndipo amazivala ngakhale pa Pasaka. Sizikukhudzana ndi Lenti.

Lavigerie analamula kuti munthu aziphunzira zaka zinayi asanabatizidwe, potsanzira mpingo wakale umene unkaulula zinsinsi zake pang'onopang'ono. Ophunzira ankakwera masitepe, ndipo sitepe iliyonse inali ndi chizindikiro chovala m'khosi: woyamba kumene ankalandira medulo, wopita patsogolo ankalandira mtanda. Aliyense m'mudzi ankadziwa pamene mnzake wafika pongomuyang'ana pachifuwa. Apa amishoni sanabweretse nzeru yatsopano. Anthu a kuno ankatumizirana kale mauthenga ndi mitundu, ndipo mayi aliyense amene analangizidwa ndi anamkungwi ankadziwa chimene mkanda wofiira kapena woyera umanena ukapachikidwa kuchipinda, popanda wina kutsegula pakamwa. Chachilendo chinali chakuti mitundu ya m'tchalitchi inkanena za nthawi ya pa chaka, osati za thupi la munthu kapena za banja.

Kuti timvetse chifukwa chake mitundu ndi ziwiya zinali zofunika kwambiri kwa akhristu oyambawo, tiyenera kukumbukira mmene Misa inkachitikira. Inali ya m'Chilatini, mbali yaikulu inkanenedwa monong'ona, ndipo wansembe ankayang'ana ku guwa, anthu ali kumbuyo kwake. Chimene mkhristu wa ku Likuni ankaona kwa ola lathunthu chinali msana wa kasula, ndipo n'chifukwa chake makasula akale ali ndi mtanda waukulu kumsana. Mtundu wa nsaluyo unkamuuza ngati lero ndi tsiku la chimwemwe, la kulapa kapena la wofera chikhulupiriro. Kabelu ka mnyamata wotumikira kankamuuza nthawi yogwada ndi yokweza maso, wansembe akamakweza mkate ndi chikho pamwamba pa mutu kuti a kumbuyo aone. Zotsalazo ankafotokoza ndi akatekisiti, m'Chichewa, pansi pa mtengo kapena m'kasukulu ka udzu. Ntchito imene tinkanema tikuyesa kugwira lero ndi ya akatekisiti amenewo, ndipo iwo anali ndi mwayi umodzi: wophunzira ankadutsa Lenti zinayi ndi Pasaka zinayi asanathiridwe madzi, kotero mtundu uliwonse ankakumana nawo pa nthawi yake.

Kusintha kwakukulu kunayamba m'zaka za m'ma 1950, Likuni ali pansi pa Ambuye Joseph Fady, amene mu 1959 anakhala episkopi woyamba wa dayosizi ya Lilongwe. Ambiri sadziwa kuti mwambo wa usiku wa Pasaka, wa moto ndi kandulo uja, unkachitika Loweruka m'mawa dzuwa likuswa mtengo. Papa Pius wa 12 ndiye anaubwezera usiku, moyesa mu 1951 ndipo mokhazikika mu 1955. Kenaka unadza msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, kuyambira 1962 mpaka 1965, umene chikalata chake cha mapemphero cha pa 4 Disembala 1963 chinatsegula khomo la zilankhulo za anthu. Guwa linachotsedwa ku khoma, wansembe anatembenuka, ndipo Misa inayamba kumveka m'Chichewa. Buku latsopano la Misa la Papa Paulo wa 6 litatuluka mu 1970, mitundu ina inasamuka. Lachisanu Loyera, limene linali la chakuda, linakhala la chofiira. Lamulungu la Kanjedza, limene kale linali la pepo, linakhalanso la chofiira. Masabata a pepo amene ankatsogolera Lenti anachotsedwa. Kansalu kamene wansembe ankakoloweka pa dzanja lamanzere kanasiya kukhala kokakamiza mu 1967 ndipo kanazimiririka. Pa maliro chakuda sichinaletsedwe, koma pepo analowa m'malo mwake, ndipo m'malo ambiri amavalanso choyera. Choncho gogo amene amaumirira kuti iye anakula akuona wansembe atavala chakuda pa Lachisanu Loyera sakusokonezeka mutu, akunena zoona.

Zonsezi zinakumana ndi kusamuka kwa likulu. Lilongwe inayamba kumangidwa ngati likulu kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo inalowa m'malo mwa Zomba mu 1975. Anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Mzimba, ku Mulanje, ku Nsanje, aliyense ndi mpingo wake ndi zizolowezi zake. Tawuni yakale inali ndi parishi ya Mtima Woyera, ndipo madera atsopano anadzabala maparishi awo, monga St Patrick's ku Area 18, Kizito Woyera kwa Chigoneka ndi Kagwa Woyera ku Area 49. Ambuye Patrick Kalilombe, Mmalawi woyamba kutsogolera dayosiziyi kuyambira 1972, anaitanitsa sinodi yaing'ono ya 1973 mpaka 1975, imene inaika mphakati patsogolo ngati malo ophunzirira ndi kutumikirana. Kuchokera pamenepo akhristu eni ake anayamba kugwira zinthu zimene kale zinali za abambo ndi asisiteri okha: kukonza guwa, kuchapa nsalu zake, kuwerenga mawu, kuphunzitsa ana otumikira. Ng'oma ndi kuvina zinalowa m'tchalitchi, ndipo asisiteri a Klara Woyera a ku Lilongwe anatchuka chifukwa cha zimenezi. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko anayamba kupanga mitanda, maguwa ndi matabenakulo a mitengo ya kuno, okhala ndi nkhope za anthu a kuno.

Koma kusinthaku kuli ndi malire, ndipo mlendo ayenera kuwamva msanga chifukwa funso lake limabwera nthawi zonse. Kasula ikhoza kusokedwa ndi nsalu ya chitenje, bola mtundu wa tsikulo ukhale wochuluka. Tabenakulo ikhoza kusemedwa m'maonekedwe a nkhokwe, bola ikhale yolimba, yosasunthika, yosaonekera mkati ndiponso yokiyidwa. Mkate wa Misa wokha sungakhale wa ufa wa chimanga kapena wa chinangwa, ndipo vinyo sangakhale wa nthochi kapena thobwa. Lamulo la mpingo limafuna tirigu yekha ndi vinyo wa mphesa wosasakaniza, ndipo popanda zimenezi palibe Misa. Mtundu wa chovala ukalakwika, wansembe walakwitsa mwambo koma Misa ndi Misa ndithu. Ine ndimaona kuti kusiyanitsa uku, pakati pa chokongoletsa ndi chimene sakramenti limaimirirapo, n'kofunika kuposa kuloweza mayina makumi awiri a ziwiya, koma ndi kumene kumasiyidwa kawirikawiri chifukwa sikujambulika mokoma.

Tiyeni tiyende ndi chaka chimodzi kuti tione mmene mitundu imasinthirana. Chaka cha mpingo sichiyamba pa 1 Januwale. Chimene chinayamba pa 30 Novembala 2025 chinatsegula ndi pepo wa Adiventi, mvula yoyamba ikugwa ndipo anthu akudzala. Adiventi imakhala ndi ma Lamulungu anayi, ndipo pa lachitatu lake, 14 Disembala, wansembe amaloledwa kuvala pinki, kusonyeza kuti kudikira kwatsala pang'ono. Amaloledwa chabe, sakakamizidwa, ndipo parishi yopanda kasula ya pinki siyenera kuchita manyazi kapena kuyambitsa chopereka chapadera. Pa Khirisimasi pamalowa choyera, n'kukhala mpaka Ubatizo wa Ambuye pa 11 Januwale 2026. Kenaka chobiriwira chimagwira masabata asanu okha, chifukwa Lachitatu la Phulusa la 2026 ndi pa 18 Febuluwale.

Lenti ndiyo nyengo imene kalendala ya kumpoto ija imagwirizana ndi moyo wa kuno mwangozi. Febuluwale ndi Malichi ndi miyezi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, chakale chitatha, chatsopano chisanache, ndipo kulalikira za kusala kwa munthu amene akudya kamodzi pa tsiku kumafuna wansembe wanzeru. Kalata yotchuka ya maepiskopi imene inagwedeza boma la chipani chimodzi inawerengedwa pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, ansembe atavala pepo, ndipo inalembedwa ngati kalata ya nyengo ya kulapa, yoitana dziko kudziunika. Mu 2026 pinki wachiwiri amagwa pa 15 Malichi, Kanjedza pa 29 Malichi, Pasaka pa 5 Epulo, nthawi ya mondokwa ndi maungu. Choyera chimakhala masiku 50 mpaka Pentekoste pa 24 Meyi, tsiku la chofiira chosonyeza moto wa Mzimu Woyera, osati magazi. Pambuyo pake chobiriwira chimabwerera n'kukhala chisanu chonse ndi chilimwe chonse mpaka kumapeto kwa Novembala. Masabata onse a chobiriwira pa chaka amakwana 33 kapena 34, ndipo amadulidwa apo ndi apo ndi masiku a oyera. Pa 3 Juni, mwachitsanzo, pamavalidwa chofiira chifukwa cha Amaritiri 22 a ku Uganda, amene anaphunzitsidwa ndi chipani chomwechi cha White Fathers ndipo analengezedwa kukhala oyera pa 18 Okutobala 1964. Kizito ndi Andrea Kagwa, amene maparishi awiri a mumzinda uno amadziwika ndi mayina awo, ali m'gulu limeneli.

Masiku atatu a kumapeto kwa sabata loyera ndiwo amaphunzitsa ziwiya bwino koposa, chifukwa ndi pamene zimachotsedwa, kuzimitsidwa ndi kubwezedwa munthu akuona. Lachinayi Loyera madzulo wansembe amavala choyera. Poimba nyimbo ya ulemerero mabelu amalira, kenaka amakhala chete mpaka usiku wa Pasaka. Misa imayamba tabenakulo ili yopanda kanthu, ndipo ikatha, Ukaristia amaunyamula kupita nawo pa malo ena okonzedwa, guwa n'kulivula nsalu zonse. Nyali imene imayaka usana ndi usiku pafupi ndi tabenakulo imakhala yozima. Apa ndi pamene mlendo, ngakhalenso mkhristu wakale, amagwidwa. Munthu amalowa Lachisanu m'mawa n'kugwada bondo limodzi kutsogolo kwa tabenakulo yotsegula, yopanda kanthu, chifukwa mwendo unazolowera. Lamulo lake ndi lakuti timagwada bondo lamanja kwa Ukaristia, ndipo guwa timangoliweramira. Choyenera kuyang'ana ndi nyali: ikayaka, gwadani, ikakhala yozima ndipo chitseko chili chotsegula, weramani. Galasi lake nthawi zambiri limakhala lofiira, koma kufiirako ndi chizolowezi chabe. Parishi imene imadalira babu la magetsi pa nyaliyi iyenera kusunga kandulo kapena nyali ya mafuta pafupi, apo ayi magetsi akathima nyaliyo imanena bodza.

Lachisanu Loyera kulibe Misa. Wansembe amalowa atavala chofiira, n'kugona chafufumimba kutsogolo kwa guwa lopanda nsalu, ndipo mtanda, umene umabwera utakutidwa, amauvundukula pang'onopang'ono katatu. Kuyambira pamenepo mpaka usiku wa Pasaka, anthu amagwadira mtandawo, chinthu chimene sichichitika nthawi ina iliyonse pa chaka. Loweruka usiku amakoleza moto panja, n'kudalitsa kandulo yaikulu ya Pasaka. Pa kanduloyo pamalembedwa mtanda, zilembo ziwiri za Chigiriki, Alefa pamwamba ndi Omega pansi, ndi manambala anayi a chakacho m'ngodya za mtanda, ndipo pamabayidwa timibulu tisanu ta lubani tokumbutsa mabala asanu. Manambalawo ndi umboni wosavuta: ngati mu 2026 kandulo ikuonetsabe 2025, parishi inabwereza yakale, pamene mwambo umafuna yatsopano chaka chilichonse. Kanduloyo imayaka pafupi ndi guwa mpaka Pentekoste, kenaka imasamukira pa malo obatizira, ndipo imatulukanso pa ubatizo ndi pa maliro, pamene imaikidwa pafupi ndi bokosi.

Usiku womwewo akuluakulu amene akhala akuphunzira amabatizidwa, ndipo m'mphindi zochepa amakumana ndi madzi, mafuta, nsalu yoyera ndi kandulo yoyatsidwa kuchokera ku yaikulu ija. Mafuta alipo a mitundu itatu, ndipo onse amadalitsidwa kamodzi pa chaka ndi episkopi pa Misa imene ansembe a dayosizi yonse amasonkhana, kenaka aliyense amatengako kupita nawo ku parishi yake. Pali mafuta a ophunzira, mafuta a odwala, ndi krisma, amene amasakanizidwa ndi zonunkhira ndipo amagwira ntchito pa ubatizo, pa ulimbitso ndi podzoza ansembe. Timabotolo take timafanana kwambiri, n'chifukwa chake timakhala ndi zilembo: OS kapena OC pa a ophunzira, OI pa a odwala, SC pa krisma. Zilembo zikafufutika, mphuno ndiyo imathandiza, poti krisma yekha ndiye amanunkhira. Phulusa la Lenti nalo silitapidwa pa mbaula ya kukhitchini. Limachokera ku kanjedza wa chaka chatha, amene akhristu amabweza kuti awotchedwe.

Pa Misa ya tsiku ndi tsiku, zimene zimasokoneza ana otumikira ndi amayi okonza guwa ndi tinsalu tiwiri toyera. Kamodzi ndi korporale, kamene kamayalidwa pakati pa guwa kuti chikho ndi mbale ya mkate zikhalepo. Kamapindidwa katatu uku ndi katatu uku, kupanga timabwalo tisanu ndi tinayi, ndipo nthawi zonse kamapindidwira mkati kuti nyenyeswa iliyonse ya Ukaristia itsalire momwemo. Kukakutumula ngati nsalu ya pa tebulo ndiko kulakwa kumene kumaoneka kawirikawiri. Kenako ndi kansalu kotalikirapo kopukutira chikho. Tonse tiwiri timayamba tanyikidwa m'madzi paokha, madziwo n'kuthiridwa pa dothi loyera pamene anthu saponda, osati m'ngalande, kenaka n'kuchapidwa monga nsalu zina. Chikho ndi siboliyo nazo zimafanana kwa munthu woonera patali, koma siboliyo ili ndi chivundikiro chifukwa ndi yosungira mikate, pamene chikho n'cha vinyo. Ndipo pofuna kudziwa ngati amene waima pa guwa ndi wansembe kapena dikoni, yang'anani stola, kansalu kakatali ka m'khosi kaja: wansembe amakagwetsa mbali zonse ziwiri kutsogolo, dikoni amakapingasa kuchokera pa phewa lamanzere kupita m'chiuno chakumanja.

Chizindikiro chimodzi n'chatsopano ndithu mumzinda uno. Lilongwe inakwezedwa kukhala arkidayosizi pa 9 Febuluwale 2011, Ambuye Rémi Sainte-Marie ali pa mpando, ndipo kuyambira pamenepo m'busa wa ku Maula amavala paliyamu, kalamba kopyapyala ka ubweya wa nkhosa kokhala ndi mitanda isanu ndi umodzi yakuda, kamene kamazungulira mapewa pamwamba pa kasula. Papa amadalitsa timalambati pa 29 Juni, tsiku la Petulo ndi Paulo. Ambuye Tarcisius Ziyaye anakavala pambuyo pa Ambuye Sainte-Marie, ndipo tsopano ndi Ambuye George Desmond Tambala, amene anabwera mu 2021. Episkopi wa ku Dedza sakavala, ndipo arkiepiskopi mwini sakavala akapita kunja kwa chigawo chake.

Mlendo wa ku Lilongwe kawirikawiri si munthu amene sanalowepo m'tchalitchi. Amakhala wochokera ku mpingo wina, mwina chifukwa cha banja, ndipo amabwera ndi maso ozolowera zina. Wa Anglikani sadabwa kwambiri, chifukwa amishoni a UMCA amene anafika ku Magomero mu 1861 ndi ku Likoma mu 1885 anali a mwambo wokonda makandulo, lubani ndi zovala za Misa, ndipo ku St Peter's ku Area 3 apeza mitundu yofananayo. Wa CCAP wa sinodi ya Nkhoma, imene mizu yake ili ku Mvera mu 1889, anakulira m'nyumba ya mapemphero imene pakati pake pali gome lolalikirira ndi Baibulo, m'busa ali mu mkanjo wakuda, popanda zifanizo. Kwa iye chakuda ndi ulemu wa ulaliki, osati maliro, ndipo funso lake loyamba silikhala la mitundu koma la zifanizo ndi kugwada. Kankanema kamene kakuyamba ndi pinki kasanafotokoze kusiyana kwa kupembedza Mulungu ndi kulemekeza chifanizo kamutaya munthu ameneyu pa sekondi khumi zoyambirira.

Zipangizo zophunzitsira zakhala zikusintha. Likuni Press inasindikiza makatekisimu ndi mabuku a nyimbo kuyambira 1949, Radio Maria inayamba ku Mangochi mu 1999, Radio Alinafe ili pa Maula pomwepa, ndipo Luntha TV inabweretsa chithunzi mu 2007. Foni ili ndi mphamvu imene zonsezi zinalibe, yofikitsa diso pafupi ndi manja a munthu amene akupinda korporale kapena kubaya lubani pa kandulo, zinthu zimene wokhala pa benchi ya kumbuyo ku Maula sangazione moyo wake wonse. Ili ndi chinyengo chakenso. Kamera ya foni imakonda kusandutsa pepo kukhala wabuluu pansi pa nyali za m'tchalitchi, ndipo woonera amachoka akukhulupirira kuti pali kasula ya buluu ya Adiventi, pamene buluu sali pa mndandanda wa mitundu ya Misa ya Chiroma, kupatula m'maiko ochepa monga Spain amene anapatsidwa chilolezo chapadera pa chikondwerero chimodzi cha Amayi Maria. Kujambulira pafupi ndi khomo, kuwala kwa dzuwa kukulowa, kumathetsa vutoli.

Wojambula ayeneranso kusamala ndi madeti. Pasaka imagwa Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Malichi, kotero imayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo imakoka Phulusa, Kanjedza ndi Pentekoste. Lachitatu la Phulusa limapezeka powerenga masiku 46 kubwerera m'mbuyo kuchokera pa Pasaka. Kankanema konena kuti pepo amayamba pa 18 Febuluwale kadzakhala kolakwika mu 2027, pamene Pasaka idzakhala pa 28 Malichi ndipo phulusa lidzapakidwa pa 10 Febuluwale, chobiriwira cha kumayambiriro kwa chaka chitavalidwa kwa mwezi umodzi wokha.